Mizere Isanu Yosinthira Mtundu wa Chikwama

Wogulitsa zikwama akakhala ndi chikwama chimodzi cha mitundu ingapo, kale ankayenera kujambula mtundu uliwonse pawokha, kapena kukhala pa kompyuta n'kumadula chikwamacho m'mphepete mwake pang'onopang'ono. Masiku ano mapulogalamu monga FLUX.1 Kontext a kampani ya Black Forest Labs, amene anatuluka mu 2025, amalandira chithunzi pamodzi ndi malangizo olembedwa, n'kubweza chithunzi chosinthidwa. Luso lasamukira m'kalembedwe ka malangizowo. Amene tiwasanthule pano analembedwera chithunzi cha chikwama chofiira chachikopa, chokhazikidwa patebulo loyera, kuwala kukuchokera pawindo la kumanzere, ndipo amagwira ntchito yake bwino kwambiri moti ndi oyenera kuwerengedwa mofatsa.

```
Change only the colour of the red leather handbag to forest green (#2F6B4F), as dark as the red is now.
Keep the pebbled grain, the creases and the cream stitching exactly as they are.
Keep the soft white highlights on the flap in the same place, size and brightness.
Keep the cast shadow on the table the same shape and depth; only the faint red glow at its edge turns green.
Leave the brass buckle, background, framing and lighting untouched.
```

Choyamba kuonekera ndi kamangidwe kake. Chiganizo chimodzi chokha ndicho chikulamula kusintha, zinayi zotsalazo zikuletsa. Aneni ake akuyenda motere: `Change` kamodzi, `Keep` katatu, `Leave` kamodzi, ndipo kubwereza kwa pakatiko kukupereka kamvekedwe ka munthu amene akuwerengera wina katundu womusungitsa. Kulemera kotere kwa mbali yoletsa kuli ndi chifukwa chake. Mapulogalamu a mtundu umenewu sapaka utoto pamalo amodzi n'kusiya kwinako. Amayamba afinya chithunzi chonse, moti cha mapikiselo 1024 m'litali ndi m'lifupi chimasanduka cha timagawo 128 mbali iliyonse, kenako amachiumbanso chonse. Tebulo, khoma ndi ulusi zomwe zimajambulidwa mwatsopano ngakhale palibe amene wapempha. Choncho chilichonse chimene malangizo sanatchule chili ndi mpata wosuntha, ndipo mlembi walemba ngati munthu wodziwa zimenezi.

Mzere woyamba ndi wothina, mawu aliwonse ali ndi ntchito. Mneni `Change` walunjika pa mtundu, osati pa chikwama. Akanalemba kuti chikwamacho chisandutsidwe chobiriwira, pulogalamuyo ikanatha kubweretsa chikwama china chobiriwira, chokongola ndithu, koma cha lamba wina ndi msoko wina. Pano chosinthidwa ndi khalidwe limodzi la chinthucho, ndipo `only` watseka khomo asanafike n'komwe pa dzina lake. Dzinalo laperekedwa lathunthu, ndi mtundu wake wakale ndi chimene chinapangidwira, m'malo mogwiritsa mlowam'malo. Kutchula kuti ndi chofiira kumalozera pulogalamu pamalo oyenera m'chithunzi, ndipo kutchula kuti ndi chachikopa kumaikumbutsa kuti zobiriwira zimene zikubwerazo zikhale pa chikopa, zisadzaoneke ngati pulasitiki kapena nsalu. Mtundu watsopano wanenedwa kawiri, ndi dzina komanso ndi nambala. Nambalayo pulogalamu siitsata ndendende, imangoyandikira, koma imathandiza munthu pamapeto pake kukhala ndi choyezera.

Pamene pagona nzeru ya mzere umenewu ndi kumapeto kwake, pa mawu akuti `as dark as the red is now`. Mtundu uli ndi mbali ziwiri zimene diso limazisakaniza: kuti ndi wofiira kapena wobiriwira, ndi kuti ndi wowala kapena wodera motani. Makwinya, timaenje ta chikopa ndi mithunzi ya pathupi la chikwama zimakhala kwambiri m'mbali yachiwiriyi. Mu kayezedwe ka mitundu kotchedwa Lab, kuwala kumayezedwa kuyambira pa 0, amene ndi mdima, kufika pa 100, amene ndi kuyera. Kufiira kwa chikwamachi tikakutenga kukhala `#B3202A`, kuli pafupi ndi 39 pa muyezowu, ndipo kubiriwira kwa `#2F6B4F` kuli pafupi ndi 41. Mitundu iwiriyi ndi yotalikirana m'maso, koma m'kuwala ndi yoyandikana, motero mithunzi ya pachikopa ikhoza kukhala monga inaliri popanda kuoneka yachilendo. Akanapempha chikasu chowala, pempho losunga mithunzi likanatsutsana ndi pempho la mtundu, chifukwa mthunzi wa m'khwinya la chikopa chachikasu sungade ngati wa chikopa chofiira, ndipo pulogalamuyo ikanasankha yokha chophwanya. Mlembi wasankha mtundu umene ukulola malonjezo ake ena anayi kukwaniritsidwa.

Mzere wachiwiri sufuna mawu ambiri. M'malo monena mwachisawawa kuti maonekedwe a chikopa asasinthe, watchula zinthu zitatu zogwirika ndi chala: timatuza ta chikopa, makwinya, ndi ulusi. Ulusiwo wapatsidwa mtundu wake, woyera moderako, chifukwa uli mkati mwenimweni mwa malo osinthidwa, ndipo popanda kuutchula umamira m'zobiriwira.

Mzere wachitatu ndi umene ukuonetsa kuti mlembi amadziwa kuwala. Tengani phwetekere wakupsa ndi wina wosapsa, muwaike pafupi ndi windo. Wina ndi wofiira, wina ndi wobiriwira, koma kadontho konyezimira pa onse awiri ndi koyera. Kuwala kwina kumalowa m'khungu n'kutuluka kutatenga mtundu wa chipatsocho, pamene kwina kumanjanja pamwamba penipeni kusanalowe, n'kubwerera ndi mtundu wa gwero lake. Izi ndi zimene Steven Shafer anazifotokoza mu 1985 pogawa kuwala kobwerera m'magawo awiri, ndipo zimagwira pa chikopa, pulasitiki, utoto ndi zoumba zopakidwa. N'chifukwa chake mfotokozi `white` ndi wofunika kwambiri pamzerewu. Chikwama chimene malo ake onyezimira abiriwira pamodzi ndi thupi lake chimaoneka ngati chaonedwa kudzera m'galasi lobiriwira, ndipo wogula amachikayikira ngakhale sangafotokoze chimene chalakwika. Mfotokozi winayo, `soft`, akuteteza kumbali ina. Malo onyezimira akakhala aang'ono ndi akuthwa m'mphepete, diso limawerenga kuti chinthucho ndi chosalala ngati chapakidwa vanishi, ndipo akakhala otambalala ndi ofewa limawerenga chikopa chosapukutidwa kwambiri. Kusintha kukula kwa malo amenewa ndi kusintha katundu amene akugulitsidwa. Ndiye pamapeto pa chiganizocho pabwera mayina atatu otsatizana, malo, kukula ndi mphamvu ya kuwala, lililonse likutseka njira yake: malo amanena kumene kuli windo, kukula kumanena za kusalala kwa chikopa, mphamvu imanena za kuchuluka kwa kuwala m'chipindamo.

Chiganizo chachinayi ndi chokhacho chimene chathyoka pakati, ndipo pothyokapo ndi pamene malangizowa akusiyana ndi ambiri a mtundu wake. Theka loyamba likupitiriza kamvekedwe kamene tazolowera kale, kuti mthunzi wa patebulo usasinthe maonekedwe ngakhale kuda kwake. Theka lachiwiri likubweza pang'ono zimene langolamulidwa kumene, ndipo likutero ndi mawu omwe aja a mzere woyamba, `only`. Chikwama chofiira chikakhala patebulo loyera, kuwala kumene kwagunda chikopa kumagwera patebulo kutafiira, moti m'mphepete mwa mthunzi, pafupi ndi pamene chikwama chakhudza tebulo, mumakhala kufiira kochepa. Munthu amene walamula kuti mthunzi usakhudzidwe m'pang'ono pomwe amalandira chikwama chobiriwira chokhala pa kufiira kopanda gwero. Kulakwitsa kumeneku n'kofala m'zithunzi za malonda, ndipo amene anakuona kamodzi amakuona paliponse. Mlembi wasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zili m'mthunzi umodzi: maonekedwe ake ndi kuda kwake zimachokera ku windo ndi ku thupi la chikwama, zimene sizinasinthe, pamene kamtundu ka m'mphepete kamachokera ku utoto wa chikopa, umene wasintha.

Mzere womaliza wasintha mneni, ndipo watuluka pachikopa n'kupita pa zozungulira. Chomangira lamba chamkuwa chaikidwa patsogolo moyenerera, chifukwa chitsulo sichitsata lamulo la phwetekere lija. Kunyezimira kwa mkuwa kumatenga mtundu wa mkuwawo, ndiye chikanakhala pansi pa lamulo la mzere wachitatu chikanayeretsedwa molakwika. Mawu akuti `framing` akuletsa pulogalamu kusendeza kapena kudula chithunzi, chinthu chimene chimawononga tsamba la malonda pamene wogula akudina mitundu motsatizana n'kumaona chikwama chikudumphadumpha. Pali kanthu kamodzi kamene mzerewu wakasiya dala kapena mosadziwa. Mkuwa wopukutidwa umaonetsa zimene zili pafupi nawo, choncho ngati m'chomangiracho munkaoneka kachigamba kofiira ka chikopa, `untouched` akasunga. Kameneko n'kosavuta kukakonza ndi dzanja, ndipo ndi bwino kutero kusiyana ndi kulola pulogalamu kuumbanso chitsulo chonse.

Malangizo abwino chotere amachepetsa kusuntha koma sakuthetsa, chifukwa kufinya ndi kuumbanso kuja kumachitikabe. Njira yodziwira ndi kuika chithunzi chatsopano pamwamba pa chakale mu Photoshop kapena GIMP, n'kusankha `Difference` pa kasakanizidwe ka zigawo. Pamene zithunzi ziwirizi zikufanana pamada bii, pamene zasiyana pamawala. Chofunika n'chakuti chikwama chiwale, pamodzi ndi kamzere kopyapyala m'mphepete mwa mthunzi, kwinako kude. Mukaona mizere iwiri yowala m'mbali mwa lamba, chithunzi chasuntha. Mukaona tebulo lonse latuwa, kuwala kwasintha. Kenako sandutsani zithunzi zonse ziwiri kukhala zopanda mtundu pogwiritsa gawo la kuwala la Lab, muzikulitse pa chivindikiro cha chikwama. Popeza 39 ndi 41 n'zoyandikana, zikuyenera kuoneka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo timatuza tikakhala tasalazidwa kapena tasintha kayalidwe mudzationa pomwepo. Zikatero musatumizenso chithunzi chosinthidwacho kuti chikonzedwe, chifukwa ulendo uliwonse wodutsa m'pulogalamu umadyako timizere ting'onoting'ono. Bwererani ku chithunzi choyambirira nthawi zonse, ndipo mukapeza chotsatira chabwino, dulani chikwama chokha ndi m'mphepete mwa mthunzi wake, muziike pa tebulo ndi khoma la chithunzi choyambiriracho.