Nthabwala ya kunsi kwa bedi ikafika pamaso pa apongozi

Wolankhulitsa anthu pa ukwati wa ku Malosa amaima pamaso pa gulu lovuta kuliseketsa. Malosa ndi kwawo kwa mpingo wa Anglikani, pomwe pali likulu la Dayosizi ya Upper Shire, chipatala cha St Luke's ndi sukulu ya sekondale ya Malosa, koma midzi yozungulira, kutsika chigwa cha Domasi mpaka ku Songani, ili ndi Asilamu ambiri. Banja limodzi limatha kukhala ndi malume wovala mkanjo wa ku mzikiti ndi azakhali a m'bungwe la amayi a tchalitchi. Onsewa amakhala mu holo imodzi, ana ali pansi kutsogolo, ankhoswe ali pa tebulo lapamwamba, ndipo chifukwa kuno ndi kwa chikamwini, pamakhalanso akamwini angapo amene akhala moyang'anizana ndi amayi a akazi awo. Mwamuna amene amaseka mpaka kugwa pa bawo sangayerekeze kuonetsa mano pa nkhani ya kuchipinda apongozi ake akumuona.

Vuto ndi lakuti nthabwala zambiri zimene ma emusii amadziwa anazitola kumalo kumene apongozi safikako: pa siteji ya kabaza, m'minibasi za pakati pa Zomba ndi Liwonde, kumanda adzukulu akukumba. Zambiri mwa izo ndi zolaula, ndipo tisanamizane, zina zinapangidwa mwaluso. Funso langa ndi lakuti luso limenelo lingasamutsidwe bwanji osatengera zolaulazo.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kusintha mawu. Pamene panali dzina la chiwalo amaikapo "kanthu kaja", pamene panali mchitidwe amati "zakezija", kenako n'kutsinzinira diso. Ine ndimati uku sikuyeretsa. Akuluakulu onse amamva zomwe zanenedwa, ndiye manyazi a mkamwini ndi apongozi ake amakhala omwe aja. Mwana yekha ndi amene sanamve, ndipo amatembenuka n'kufunsa mayi ake kuti anthu akuseka chiyani. Mayiyo ayenera kunama kapena kumukalipira. Zoipirapo ndi pamene emusii ayamba ndi kupepesa kuti "akuluakulu mundikhululukire", chifukwa walengeza yekha kuti zikubwerazo ndi zauve, ndipo makutu onse amatcherera uvewo m'malo motsatira nkhani.

Miyambi ndi mawu ophiphiritsa ali ndi malo ake. Anankungwi amawagwiritsa ntchito ku chilangizo ndi ku tsimba, ndipo kumeneko amagwira bwino chifukwa omvera anasankhidwa, khomo linatsekedwa, ana ndi amuna ali kutali. Pa zokuzira mawu za pa ukwati palibe khomo lotseka.

Njira yomwe imatheka imayamba ndi kuiphwasula nthabwalayo kuti uone chimene chimaseketsa. Titenge imodzi yomwe imamveka m'mitundu yambiri. Mwamuna wina walowa m'nyumba ya mkazi wa mwini usiku. Mwini nyumba akugogoda mosayembekezeka. Mlendo uja alowa kunsi kwa bedi, ndipo kumeneko apeza mwamuna wina atabisala kale, amene amunong'oneza kuti asunthire uko poti iye ndiye anayamba kufika. Onena nkhaniyi amaikometsera ndi zambiri za thupi, koma mukazichotsa zonsezo, anthu amasekabe pamalo amodzi okha: pamene wobisala apeza kuti sali yekha. Munthu anali ndi chilakolako chimene amabisa, ngozi yamupeza, wathawira pobisala, ndipo pobisalapo pamuululira kuti chinsinsi chake ndi cha anthu ambiri. Chigololo chija chinangopereka chifukwa chobisalira. Ngati titapeza chifukwa china chobisalira chimene agogo ndi mdzukulu angachimve mofanana, nthabwala imayenda.

Chilakolako chimene aliyense amachidziwa, ndipo aliyense anachibisapo, ndi cha ndiwo. Nayi nkhani yomweyo itasamutsidwa.

Mkamwini watsopano wafika kwa apongozi. Amuphera nkhuku. Iye pofuna kuoneka wolemekezeka angotsina nsima kawiri, atenga kaphiko, n'kusamba m'manja. Mkazi wake amufunsa ngati wakhuta, iye ayankha mokweza kuti amve a panja: "Ife kwathu sitidya kwambiri." Apongozi aakazi avundikira mphika, n'kunena kuti nthuli zotsalazi aziwerenga, ndi za ankhoswe akubwera mawa. Pakati pa usiku njala yamugwira mkamwini. Anyang'ama kupita kukhitchini, avundukula mphika mumdima, ndipo dzanja litangolowa amva mapazi ndi kuwala kwa tochi. Adumphira kuseri kwa matumba a chimanga. Kumeneko agundana ndi munthu. Ndi apongozi aamuna, ali chinjenjemere, pakamwa pali mafuta. Mkuluyo amuyang'ana, n'kunong'ona: "Apongozi, mwachedwa. Ntchafu ndatenga kale. Inu kwatsala zipalapasiro."

Taonani zimene zasungidwa. Wobisala wapezabe mnzake, ndipo mnzakeyo akunenabe kuti anayamba kufika. Koma pali china chimene nkhani ya kunsi kwa bedi inalibe. Amuna awiri aja anali ofanana, akuba okhaokha. Apa wopezekayo ndi munthu amene mkamwini amamuopa, amene chifukwa cha iye anadzimana chakudya madzulo. Ulemu wonse uja unali kuperekedwa kwa munthu wa njala yomweyo. Ndipo mawu akuti "apongozi", amene awiriwa amaitanirana mwaulemu masana, akunenedwa monong'ona kuseri kwa matumba. Pamenepa mkamwini weniweni amene wakhala mu holo atha kuseka, apongozi ake enieni n'kusekanso, chifukwa onse awiri agwidwa limodzi ndipo palibe amene wavulidwa.

Pali chimene chimatayika posamutsa, ndipo wosachizindikira nthabwala yake imazizira. Munthu wogwidwa m'nyumba ya mwini akhoza kumenyedwa, kulipitsidwa kwa amfumu, banja kutha. Wogwidwa ndi nthuli saopa zonsezo. Ngozi yachepa, ndipo anthu saseka kwambiri ngati wobisalayo alibe choopa. Choncho ngoziyo iyenera kumangidwanso ndi manja. N'chifukwa chake mkamwini ayenera kudzitama mokweza kuti kwawo sadya kwambiri, kuti akhale ndi mbiri yoti ataye. N'chifukwa chake nthuli ziyenera kuwerengedwa, ndipo zikhale za ankhoswe, anthu amene ukwati wake uli m'manja mwawo. Emusii wothamanga amadumpha ziganizo ziwirizi poganiza kuti ndi zongotalikitsa, kenako n'kudabwa kuti mapeto sanagwire. Nkhani yolaula imakhululukira ulesi chifukwa mawu oletsedwa amaseketsa okha. Yoyera imafuna kuti chilichonse chiikidwe pamalo pake.

Mawu otsiriza nawo ndi ofunika kuwasamala. "Zipalapasiro" liyenera kukhala liwu lomaliza, ndipo wonena atseke pakamwa. Likabwera pakati pa chiganizo, anthu amayamba kuseka n'kuphimba zotsalazo. Asanafike pa mawu a apongozi aja apume pang'ono, atsitse mawu ngati akunong'onadi, ngakhale ali ndi maikolofoni. Asaonjezere kuti m'mawa mwake zinatha bwanji, ndipo asapereke phunziro lakuti tizidya tikapatsidwa. Ulaliki unachitika kale ku tchalitchi kapena ku mzikiti.

Kusankha nkhuku sikunangochitika. Kumalo ena nkhaniyi ingayende ndi nyama ya nkhumba, mbewa kapena chipanda cha mowa, koma ku Malosa zimenezo zingachotse mbali yaikulu ya holo mu nthabwalayo, ndipo ena angaone ngati akunyozedwa. Nkhuku ya alendo imaphedwa m'nyumba ya Msilamu ndi ya Mkhristu momwemo. Pa chifukwa chomwechi, musaisinthe kuti wakubayo akhale munthu wosala m'mwezi wa Ramadani kapena m'nyengo ya Lenti. Ingaoneke yoyera poti mulibe za kuchipinda, koma yasanduka yoseka chipembedzo cha mnzako, ndipo bala lake limakhalitsa kuposa la mawu olaula. Musatchulenso mtundu wa mkamwiniyo. Akangokhala Mlomwe kapena Myao, anthu amasiya kuseka njala n'kuyamba kusekana okhaokha.

Si luso lachilendo kwa ife. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa ngati Izeki ndi Jakobo, ankaseketsa mabanja athunthu ndi makangano a anthu awiri, wina wodziona wochenjera pamene akudzikola yekha, wina wotopa naye. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, koma njira yawo ikadali yophunzirika: chimene chimaseketsa ndi khalidwe la munthu, kudzitama kwake, umbombo wake, bodza lake likamamuthina. Sewero la Tikuferanji, momwe Michael Usi ankasewera ngati Manganya, linkakamba ngakhale za Edzi ndi zibwenzi za mseri pa wailesi ndi pa kanema, m'nyumba momwe makolo ndi ana akhala pamodzi. Linkatheka chifukwa maso ankakhala pa mabodza ndi zotsatira zake, osati pa thupi.

Komabe si nthabwala iliyonse imene ingapulumuke. Mukaiphwasula n'kupeza kuti chimene chimaseketsa ndi chiwalo chenichenicho, kapena kunyoza mkazi, wosabereka, wolumala, ndiye kuti mulibe choti musamutse. Mungachape chotani nsalu yomwe utoto wake ndiwo litsirolo? Yotereyo isiyeni. Imene ingasamutsidwe ndi yomwe mphamvu yake ili pa kugwidwa, kusamvana, kudzitama kogwa nako, kapena wamkulu kupezeka kuti ndi munthu ngati tonsefe.

Holo imakuuzani yokha ngati mwalakwa. Kuseka kukachokera kumbuyo kokha, kumene kwaima anyamata, pamene amayi akutsogolo aphimba pakamwa ndi chitenje n'kuyang'ana pansi, kumeneko si kukondwa. Mukaona mayi akutuma mwana panja popanda chifukwa, kapena nkhoswe ikutsokomola n'kuyang'ana pa wotchi, dziwani kuti mwadutsa malire. Nthabwala yoyera ikagwira, ana amaseka nthawi imodzi ndi akulu, osati mochedwa poonera ena, ndipo anthu amatembenukirana, mkazi kugunda mwamuna wake ndi chigongono.

Kwa inu amene mwapemphedwa kulankhulitsa anthu pa chinkhoswe kapena ukwati ukubwerawu, yesani nthabwala yanu musanafike pa holo. Inenereni mwana wa zaka 8, kenako mumupemphe akufotokozereni chimene chaseketsa. Akatha kufotokoza bwinobwino, ndipo inu n'kuona kuti mungabwereze zomwezo apongozi anu atakhala pa mkeka pomwepo, itengeni. Akalephera, kapena inu mukayamba kufuna mawu ozembera, bwererani mukaiphwasulenso.