Kalata ya K42,000

Kalata imene mayi wina wa golosale ku Lunzu analembera holoselo ina ya ku Limbe ili ndi ziganizo zisanu zokha. Nkhani yake ndi ya mabelo 12 a shuga, belo lililonse la mapaketi 20 a kilogalamu imodzi, amene anafika ndi invoisi ya mtengo wokwera kuposa umene anagwirizana. Luso la kalatayi lagona pa kusankha mwininkhani wa chiganizo chilichonse, ndiko kuti, amene akuikidwa patsogolo pa mneni ndi amene akubisidwa.

Ikuyamba motere: "Katundu amene munatitumizira Lachiwiri tinalandira yense ali bwino, ndipo tikuthokoza." Wowerenga mothamanga angayese kuti awa ndi malonje chabe. Koma liwu loti "yense" likugwira ntchito yaikulu, chifukwa likutsekeratu mkangano wa chiwerengero. Mabelo anakwana, sanang'ambike, sananyowe, choncho kalaliki wa kuholoselo sadzataya tsiku akufunsa dalaivala ndi anyamata opakira. Onaninso kuti "mu-" waulemu wa "munatitumizira" waphatikizidwa ku ntchito yabwino. M'kalata yonse, wogulitsayo akukhala mwininkhani wa mneni pokhapokha pamene akuyamikiridwa kapena kupemphedwa.

Chiganizo chachiwiri ndicho msana: "Powerengeranso invoisi nambala 0417 madzulo, ndapeza kuti mtengo wa belo walembedwa K59,500, pamene pepala lanu la mitengo la pa 3 Juni likunena K56,000." Pano "ti-" wa golosale yonse wasanduka "nda-" wa munthu mmodzi, amene akusenza yekha zimene wapeza. Kamphatikiri "-nso" ka "powerengeranso" kakuulula modekha kuti cholakwacho chinamudutsa iyenso poyamba, nthawi imene lole inali pakhomo ndipo ogula anali pamzere, ndipo liwu loti "madzulo" ndilo chithunzithunzi chokhacho m'kalatayi: chitseko chatsekedwa, mayi ali pa kauntala ndi kakyuleta. Kenaka pakubwera mneni wa msintho wochitidwa, "walembedwa". Akanalemba kuti "mwandidulitsa" kapena "mwaonjeza mtengo", mlandu ukanagwera munthu, ndipo munthu woimbidwa mlandu amayamba wadziteteza asanayang'ane n'komwe mabuku. "Walembedwa" akusiya dzanja lolembalo losatchulidwa. Mlumikizi "pamene" akuika mapepala awiri maso ndi maso, onse ochokera kuholoselo komweko, kuti atsutsane okha.

Chachitatu ndi chachifupi kuposa zonse: "Pa mabelo 12, kusiyana kwake ndi K42,000." Chitatha chiganizo chachitali chija, ichi chikumveka ngati kugogoda kamodzi pa tebulo. Mulibe mfotokozi wodandaula, mulibe "ndalama zambiri". Masamu ake ndi oti aliyense angawabwereze: K3,500 pa belo, kuchulukitsa ndi 12.

Chachinayi ndi chimene ndimabwererako kawirikawiri: "Mwina mtengo unasintha ine osadziwa, ngati ndi choncho, chonde munditumizire pepala la mitengo latsopano." Muonjezi "mwina" akupatsa wogulitsa potulukira popanda manyazi, ndipo sakunama, pakuti mtengo wa shuga umasinthadi. Komabe potulukirapo pali mlonda. Wonena kuti mtengo unakwera ayenera kubweretsa pepala lokhala ndi tsiku, ndipo ngati tsikulo lili pambuyo pa oda, mtengo wakale ndiwo ukugwira. Ulemu ndi kuumirira zakhala m'chiganizo chimodzi, chimodzi mbali iyi ya mpatuliro, china mbali inayo.

Potsiriza akuti: "Ndalipira K672,000 ya mabelo 12 pa mtengo wa K56,000, ndipo ndikupempha kuti K42,000 yotsalayo muichotse pa akaunti yathu ndi kirediti noti tisanaitanitse katundu wa sabata yamawa." Mneni woyamba ndi wa ntchito yochitika kale. Mayiyu sanagwire ndalama yonse ngati chikole. Walipira gawo limene palibe akulitsutsa, kotero palibe angamutche wozemba ngongole. Kupempha kirediti noti, osati kungouzana pafoni kuti "tidzaona ulendo wina", kukutanthauza kuti mabuku a mbali zonse ziwiri adzafanana pakutha pa mwezi, ndipo K42,000 sidzatulukanso ngati ngongole yakale. Malire a nthawi nawo abwera atavala lonjezo, chifukwa mawu oti "katundu wa sabata yamawa" akuuza wogulitsa kuti malonda akupitirira, akumuuzanso tsiku limene yankho likuyembekezeka.

Pansi pa dzina lake analembapo mzere umodzi wotchula zimene waphatikiza: fotokope ya invoisi, ya pepala la mitengo ndi ya lisiti la kubanki. Mapepala enieniwo anatsala m'fayilo ku Lunzu.