Funso labwino limabadwa pa mphindi ya 23

Pa 8 Julayi 2014, Brazil idagonja 7-1 kwa Germany pa bwalo la Mineirão ku Belo Horizonte, m'ndime ya matimu anayi ya chikho cha dziko lonse. Posakhalitsa mphunzitsi wake, Luiz Felipe Scolari, adakhala pamaso pa atolankhani. Munthu wotere umamufunsa chiyani?

Mtolankhani amene ndimamusirira amayamba kukonza mafunso mpira uli mkati. M'kabuku kake amalemba mphindi ndi chimene chachitika. Thomas Müller adagoletsa pa mphindi ya 11 kuchokera pa kona, popanda womutchinga. Kenako zigoli zinayi zidalowa pakati pa mphindi ya 23 ndi ya 29: Klose, Kroos kawiri, ndi Khedira. Masewero adatayika pamenepo, ndipo funso loyamba liyenera kuchokera pomwepo: "Aphunzitsi, chigoli chachiwiri chitalowa, mudaona chiyani pakati pa bwalo, ndipo mudatumiza uthenga wanji kwa anyamata?"

Funsoli ndi lokongola chifukwa silinyoza, komanso silipereka pothawira. Likufunsa chinthu chimene mphunzitsi yekha ndiye akuchidziwa. Yerekezani ndi lija timalimva kawirikawiri lakuti "Mukumva bwanji?" Aliyense akudziwa kale kuti mtima ukuwawa, choncho yankho lake siliphunzitsa omvera kanthu.

Chilungamo chagona pa kusiyanitsa zimene mphunzitsi adasankha ndi zimene zidangomugwera. Neymar adavulala msana pa masewero a Colombia, ndipo kaputeni Thiago Silva adaletsedwa kusewera chifukwa cha makhadi achikasu. Kumudzudzula Scolari pa zimenezi n'kumulakwira. Koma kuika Bernard m'malo mwa Neymar, osati kuwonjezera wosewera wapakati wothandiza Luiz Gustavo ndi Fernandinho, chidali chisankho chake. Apa katswiri amatchula vuto la mphunzitsi kaye, kenako n'kufunsa: "Popanda Neymar, mudalingalirako zolimbitsa pakati? Chidakukokerani kwa Bernard n'chiyani?" Munthu akaona kuti mwamvetsa mavuto ake, amamasuka.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi funso lotsatira lomwe mtolankhaniyu amalisunga m'thumba. Scolari adavomera poyera kuti udindo wa kugonjaku ndi wake. Mawu otere ndi aulemu, koma amatha kutseka nkhani msanga. Wokonzeka bwino amatsatiza modekha: "Pa zisankho zanu, ndi chiti chimene mukadasintha?" Amatchulanso kuti Fernandinho ndi Hulk adatulutsidwa popuma, zigoli zili kale 5-0, n'kufunsa chomwe chidalepheretsa kusintha msanga.

Za kutula pansi udindo n'zoyenera kufunsa, koma kamodzi kokha, kumapeto. Mukayamba nazo, mphunzitsi amauma pakamwa ndipo mayankho otsatira amakhala odziteteza. Funso lililonse likhale lalifupi, la nkhani imodzi. Mukaphatikiza mafunso awiri, iye adzayankha lophwekalo, lovutalo n'kulisiya.