Mau Apansi pa Chithunzi: Kuunika Tsankho la Makina Opanga Zithunzi

Mau Oyamba

Makina a kompyuta amene amapanga chithunzi munthu akangolemba chiganizo, monga Midjourney ndi Stable Diffusion, anafika m'manja mwa anthu wamba mu 1 mwa zaka zaposachedwa, ndiye 2022. Chiyambire pamenepo pakhala dandaulo lakuti ukawapempha chithunzi cha ku Afirika, kawirikawiri amakupatsa umphawi, fumbi ndi nyama zakutchire. Ena amayankha kuti makinawa ali ngati kalilole, amangoonetsa dziko monga liliri. Nkhani ino ikutsutsa ganizo limenelo. Chimene makinawa anaphunzira ndi zithunzi zimene anthu ena anasankha, pamodzi ndi mau amene anthuwo analemba pansi pake. Motero vutoli mbali yaikulu ndi la chilankhulo, ndipo likutikhudza ife aphunzitsi a zilankhulo.

Madokotala ndi Ana Odwala

Mu 2023, Arsenii Alenichev, Patricia Kingori ndi Koen Peeters Grietens anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya The Lancet Global Health. Cholinga chawo chinali kutembenuza chithunzi chozolowereka chija cha mzungu amene akuthandiza ana akuda ovutika. Anapempha Midjourney kuti ipange madokotala akuda a ku Afirika akusamalira ana achizungu odwala.

Atapempha madokotala akuda paokha, makina anawapanga. Atapempha ana achizungu odwala paokha, anawapanganso. Koma ataphatikiza mbali ziwirizi m'chiganizo chimodzi, zinakanika. Pa zithunzi zopitirira 300, pafupifupi nthawi zonse ana olandira chithandizo anatuluka akuda, ndipo m'zithunzi zina madokotalawo anatuluka azungu. Mwa zina munaonekanso njovu ndi akadyamsonga, ngakhale kuti palibe amene anazitchula.

Kumene Makina Anaphunzira

Eni ake a Midjourney sanafalitse mndandanda wa zithunzi zimene anaphunzitsira makina awo. Choncho titenge Stable Diffusion yoyamba ya 2022, imene gwero lake likudziwika. Inaphunzitsidwa ndi zigawo za nkhokwe yotchedwa LAION-5B, imene inali ndi zithunzi pafupifupi mabiliyoni 5.85, chilichonse ndi mau ake. Mwa izi, pafupifupi mabiliyoni 2.3 zinali ndi mau a Chingerezi, ndipo chigawo chimenechi ndicho chinagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Nkhokweyi inapangidwa mosefa katatu. Sefa yoyamba ndi intaneti yeniyeniyo: zithunzi zinatoledwa m'masamba amene bungwe la Common Crawl linasonkhanitsa, ndiye kuti amene amaika zithunzi zambiri ndiye amaoneka kwambiri. Sefa yachiwiri ndi mau: chithunzi chinatengedwa ngati chinali ndi mau ochifotokoza m'gawo la tsamba lotchedwa `alt`. Sefa yachitatu inali makina ena, a CLIP, amene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2021. CLIP inkayeza kugwirizana kwa chithunzi ndi mau ake, ndipo pa Chingerezi zonse zosafika pa 0.28 zinatayidwa. Apa tione kuti CLIP nayonso inaphunzira pa intaneti. Chithunzi chimene sichinafanane ndi zimene inazolowera chinali pangozi yotayidwa, ngakhale mau ake atakhala oona.

Liu ndi Anzake

Katswiri wa zilankhulo J.R. Firth anaphunzitsa mu 1957 kuti liu limadziwika ndi mau amene limayenda nawo. Kwa makinawa, liu lilibe tanthauzo lina kupatula zithunzi zimene lakhala likuyenda nazo. Ngati dzina la Afirika linapezeka kambirimbiri m'masamba a makampani okopa alendo ndi a mabungwe opempha chithandizo, makina amatenga njovu ndi mwana wodwala kukhala mbali ya tanthauzo la dzinalo. Ichi ndicho chingafotokoze za nyama zimene zinalowa m'chipatala popanda woziitana.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti wolemba amatchula chimene akuchiona kuti ndi chachilendo, nasiya chimene akuchiyesa chachizolowezi. Wogulitsa zithunzi wa ku Ulaya akajambula dokotala wachizungu, nthawi zambiri amangolemba `doctor`. Akajambula wakuda, amaonjezera liu la mtundu. Potero liu lopanda chizindikiro limalandira nkhope ya mzungu mwakachetechete. Wolemba wa ku Chipata akanachita mosiyana: iye akanangoti "dokotala" kwa mnzake, nati "dokotala wachizungu" kwa mlendo. Koma mau ake m'nkhokwemo ndi ochepa zedi.

Ganizo la kalilole likugwanso pa chifukwa china. Makina amakonda kupereka chimene chinachuluka, ndipo potero amakuza kusiyana kumene kunalipo kale. Mu 2023 atolankhani a Bloomberg anapanga zithunzi zopitirira 5,000 ndi Stable Diffusion. Pa zithunzi za oweruza milandu, akazi anali pafupifupi 3 pa 100, pamene ku Amereka akazi anali pafupifupi 34 pa oweruza 100 alionse. Tikumbukire kuti m'Chinyanja liu lakuti "woweruza" ndi mlowam'malo "iye" sizinena ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Chiganizo chingathe kusiya funsolo, koma chithunzi chiyenera kusankha.

Kusiyanitsa Zifukwa

Kafukufuku wa 2023 uja ali ndi malire ake. Zadziwika kuti makina a mtundu wa CLIP amavutika kusiyanitsa mchitantchito ndi mchitidwantchito. Kwa ife "galu waluma mwana" ndi "mwana waluma galu" ndi nkhani ziwiri, koma makinawa amaziona ngati zoyandikana kwambiri chifukwa mau ake ndi amodzimodzi. Amasokonezanso mfotokozi, nkupatsa dzina lina mtundu umene unali wa linzake. Choncho kulephera kwina kungachokere ku galamala osati ku tsankho.

Njira yosiyanitsira ndi imene timagwiritsa ntchito pophunzira kamvekedwe ka mau: kusintha chinthu chimodzi chokha. Lembani chiganizo cha dokotala wakuda ndi mwana wachizungu, mupange zithunzi 50. Sinthanitsani mitunduyo, mau ena onse osawakhudza, mupangenso 50. Kenaka werengani zolakwika mbali zonse ziwiri. Ngati vuto ndi galamala, zolakwika zidzafanana kuchuluka. Ngati mbali imodzi ikutuluka bwino pamene inayo ikukanika, pamenepo tapeza chizolowezi cha m'nkhokwe. Chithunzi chimodzi si umboni.

Mau Otsiriza

Kuphimba vutoli pamwamba sikuthandiza. Mu Febuluwale 2024 kampani ya Google inaimitsa kwa kanthawi kupanga zithunzi za anthu mu Gemini, makinawo atapanga asilikali a ku Jeremani a mu 1943 okhala ndi nkhope za anthu akuda ndi a ku Asiya. Anafuna kusakaniza mitundu ya anthu, koma makinawo sanadziwe malo oyenera ndi osayenera.

Mphunzitsi amene akukonza buku la ana ndi zithunzi zotere ayenera kufunsa pa chithunzi chilichonse kuti ndi chiyani chimene chalowamo chimene iye sanalembe. Mwana amawerenga chithunzi asanawerenge mau. Ndipo ofufuza m'madipatimenti athu ali ndi ntchito yooneka: kusonkhanitsa zithunzi za moyo wathu wamasiku onse mwa chilolezo cha eni ake, monga za m'kalasi, m'chipatala ndi m'khoti, ndi kuzilembera mau olondola m'zilankhulo zathu, otchula bwino amene akuchita ndi amene akuchitiridwa.