Mgwirizano wa Mutu ndi Mzere Wotsiriza

Mukamawerenga ndakatulo kapena nkhani yaifupi, mawu oyamba kuwaona ndi a mutu, ndipo otsiriza kuwamva ndi a mumzere wotsiriza. Mlembi waluso amasankha mawu a m'malo awiriwa kuti aziyankhana. Kuyankhanaku sikutanthauza kungokopera mutu kumapeto kwa ndakatulo ayi. Mzere wotsiriza umakubwezerani ku mutu, ndipo mukauwerenganso mutuwo mumapeza kuti tanthauzo lake lasintha kapena lakula. M'phunziro lino tiona momwe zimenezi zimachitikira pogwiritsa ntchito ndakatulo imodzi imene ndailemba kuti ikhale chitsanzo chathu. Iwerengeni mokweza kawiri musanapitirire.

Mtanda Wachisanu

Achimwene adakwera basi ya ku Joni
Chaka chimene tidafolera khitchini.
Adati, "Ndibwera mvula isanagwe."
Dzinja ladutsa katatu.

Madzulo alionse poomola nsima
Amayi amawerenga chapansipansi:
"Wanga, wa abambo ako, wako, wa mlongo wako,"
Wina n'kuvundikira pambali.

M'mawa mkutewo ndimadya ndine
Ndisanathamangire kusukulu.
Palibe amatchula mwini wake.

Mwezi watha kudafika mlendo ndi chikwama chawo,
Adakhala pamphasa, chipewa chili m'manja.
Anthu adasonkhana, anthu abalalika.
Lero amayi aomola inayi.

Ntchito ya mutu

Musanawerenge mzere ngakhale umodzi, mutuwu wakupatsani kale mafunso. Kodi ndi mtanda wanji? Nanga inayi inayo ili kuti? Mutu wabwino umatero, umadzutsa mudyo koma osaulula zonse. Pofika m'ndime yachiwiri mukupeza yankho loyamba. Pakhomo patsala anthu anayi, koma amayi akuomolera anthu asanu. Mtanda wachisanu ndi wa mwana amene adapita kunja, ndipo ukuimira chiyembekezo cha amayi chakuti tsiku lina adzatulukira nthawi ya chakudya.

Onaninso kuti mawu akuti "mtanda" sakupezeka paliponse m'kati mwa ndakatuloyi. Amayi akungoti "wanga," "wako," ndipo woyankhula akuti "wina." Wowerenga akudziwa chimene chikuwerengedwa chifukwa mutu wamuuza. Choncho mutuwu suli ngati chikwangwani chongopachika pamwamba. Mutauchotsa, ndime yachiwiri ikhoza kuvuta kuimvetsa.

Ntchito ya mzere wotsiriza

Mzere wakuti "Lero amayi aomola inayi" uli ndi mawu anayi okha, ndipo palibe ngakhale amodzi amene ali mu mutu. Komabe ukuyankha mutuwo m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya chiwerengero. Mutu ukunena za wachisanu, mzere wotsiriza ukunena za inayi, ndipo wowerenga akuchotsera yekha n'kupeza kuti umodzi wasowa. Njira yachiwiri ndi ya mgwirizano wa mawu. Mawu akuti "inayi" akugwirizana ndi dzina lakuti "mitanda," ndipo kuti mudziwe zimenezi muyenera kukweza maso n'kuonanso mutu.

Mukabwerera ku mutu mukupeza kuti wasintha. Poyamba mtanda wachisanu udali chizindikiro cha chiyembekezo. Tsopano ndi dzina la chinthu chimene palibenso. Mlakatuli sadatchule imfa, maliro kapena misozi, koma mlendo wovula chipewa, chikwama chobwera popanda mwini wake ndi anthu osonkhana zakonzekeretsa wowerenga, ndipo mzere wotsiriza wangotsimikiza kuti amayi avomereza zimene zidachitikazo. Wophunzira watcheru akumbukiranso kuti m'Chichewa mawu akuti "mtanda" ali ndi tanthauzo lina, la mtanda umene amazika pamanda. Tanthauzo lachiwirili silibwera m'maganizo poyamba pa ndakatulo, limabwera mukamaliza. Mukhoza kulitchula poyankha funso, koma muyambe ndi la nsima, chifukwa ndilo lili ndi umboni woonekeratu m'mawu akuti "poomola" ndi "mkutewo."

Mizere yotsiriza yolephera

Kuti muone ubwino wa mzere umene wasankhidwawo, tiyeni tiyese kuika ina m'malo mwake. Tiyerekeze kuti ndakatuloyi yatha ndi mawu akuti, "Ogo, mtanda wachisanu!" Apa mawu a mutu abwerezedwa ndithu, koma palibe chachilendo chimene chachitika. Sitikudziwa ngati amayi asiya kuomola kapena ayi. Kubwereza mawu ndi chipangizo chabwino cha ndakatulo pokhapokha ngati mawuwo akubwera kachiwiri atasenza katundu wina.

Tiyerekezenso kuti yatha ndi mawu akuti, "Achimwene adamwalira, amayi ali ndi chisoni." Mzere umenewu ndi woona, koma walanda ntchito ya wowerenga. Watafuna zonse n'kumupatsa zomeza. Komanso wachoka pa chithunzi cha nsima chimene chamanga ndakatulo yonse, kotero kuti mutu watsala wokha wopanda ouyankha.

Cholakwika chachitatu, chimene ndimachipeza kawirikawiri pochonga ntchito za ophunzira, ndi kutsiriza ndi langizo, monga, "Anyamata, lekani kupita kunja." Woyankhula m'ndakatuloyi ndi mwana wasukulu amene akungofotokoza zimene akuona pakhomo pawo. Akasanduka mlaliki mumzere wotsiriza, liwu la ndakatulo lasweka. Phunziro la ndakatulo amalipeza ndi wowerenga, ndipo inu mudzalilemba mukafunsidwa, koma mlakatuli sayenera kulimata kumapeto.

Mitu yolephera

Tsopano tisiye mzere wotsiriza monga ulili, tisinthe mutu. Mutu wakuti "Imfa ya Achimwene" waulula mathero ndakatulo isanayambe, ndipo pofika pa "inayi" wowerenga sadzidzimukanso. Mutu wakuti "Chikondi cha Mayi" ukutchula mfundo yaikulu, koma ndi wotambalala kwambiri, ungathe kukhala pamwamba pa ndakatulo zambirimbiri, ndipo mawu akuti "inayi" asowa dzina logwirizana nalo. Mutu wakuti "Ulendo wa ku Joni" ukulonjeza zimene ndakatuloyi ilibe, pakuti sitikukwera nawo basiyo, tikutsala pakhomo ndi amayi. Apa mukuona kuti mutu woyenera ndi umene watengedwa pa chinthu chogwirika cha m'kati mwa ndakatulo, chimene chidzakhudzidwe ndi kusintha kwa kumapeto.

Mutu wa mwambi

Alembi ambiri a Chichewa amakonda kutenga theka la mwambi kukhala mutu. Chitsanzo ndi buku la Willie Zingani lotchedwa Madzi Akatayika. Aliyense wodziwa chiyankhulochi amamaliza yekha mumtima kuti "saoleka," ndipo amayamba kuwerenga akuyembekezera cholakwa chosabwezeka. Ngati mwasankha mutu wotere pa nkhani yanu, samalani. Njira yapafupi ndi kutsiriza ndi mawu akuti, "Zoonadi, madzi akatayika saoleka," koma wowerenga adamaliza kale mwambiwo pamene ankawerenga mutu, ndiye simunamupatse kanthu. Njira yabwino ndi kutsiriza ndi chochitika chimene chikuonetsa theka lotsalalo, monga mwana wolowerera amene wabwera kudzapepesa n'kupeza nyumba ya makolo ake idagumulidwa ndipo pamalopo pamera chisoso. Mwambi umalizike m'mutu mwa wowerenga.

Polemba zanu

Mukamalemba ndakatulo kapena nkhani yanuyanu, musakakamire mutu umene mwayamba nawo. Lembani mutu wongoyembekezera, malizani ntchito yonse, kenaka funsani kuti, ndi chinthu chiti chimene chili pachiyambi ndipo chasintha pamapeto? M'chitsanzo chathu ndi chiwerengero cha mitanda. Chinthu chimenecho chikupatseni mutu, ndipo kusintha kwake kukupatseni mzere wotsiriza. Mukatero, phimbani zonse zapakati ndi dzanja n'kuwerenga mutu ndi mzere wotsiriza motsatizana: "Mtanda Wachisanu. Lero amayi aomola inayi." Ngati ziwirizi zikupanga kankhani pazokha, zagwirizana. Ngati zikunena chinthu chimodzi kawiri, sinthani mzere wotsiriza. Ngati sizikudziwana n'komwe, sinthani mutu.

Pa chimangirizo nthawi zambiri mutu mumachita kupatsidwa, ndipo nthawi zina mumapatsidwa mawu oti nkhani yanu ithere. Pamenepo mbali imodzi yasankhidwa kale, yanu ndi inayo. Mukapatsidwa mutu, ganizirani chiganizo chotsiriza musanalembe ndime yoyamba, kuti nthawi ikamatha mukhale mukudziwa kumene mukupita. Mukapatsidwa mawu otsiriza, muwakopere monga alili, ndipo mutu wanu usawaulule.

Poyankha funso la mayeso

Mukhoza kufunsidwa kuti, "Fotokozani mgwirizano wa mutu wa ndakatuloyi ndi mzere wake wotsiriza." Ophunzira ena amayankha kuti, "Zikugwirizana chifukwa zonse zikukamba za nsima." Yankho lotere latchula pamene ziwirizo zakumana, koma silinafotokoze chimene chasintha. Yankho lokwanira likhale ndi magawo atatu: tanthauzo la mutu poyamba, mawu enieni a mumzere wotsiriza amene akuloza ku mutu, ndi tanthauzo latsopano. Mwachitsanzo:

"Mutu wakuti 'Mtanda Wachisanu' ukunena za nsima imene amayi amasungira mwana wawo amene adapita ku Joni, ndipo ukusonyeza chiyembekezo chakuti adzabwera. Mumzere wotsiriza mlakatuli akuti amayi 'aomola inayi,' kusonyeza kuti mtanda wachisanu uja palibenso. Izi zikutanthauza kuti amayi avomereza kuti mwana wawo adamwalira. Choncho mzerewu wasandutsa mutu kuchoka pa chizindikiro cha chiyembekezo kukhala chizindikiro cha imfa."

Onani kuti yankholi latenga mawu awiri okha m'ndakatulo n'kuwatanthauzira. Kukopera ndime yathunthu popanda kufotokoza si kuyankha funso.

Ntchito

1. Kodi ndi mawu ati m'ndime yachinayi amene akukonzekeretsa wowerenga kulandira mzere wotsiriza? Tchulani awiri ndipo mufotokoze.

2. Tiyerekeze kuti mzere wotsiriza ukuti, "Lero amayi aomolabe isanu." Kodi tanthauzo la mutu likusintha bwanji? Nanga zikutiuza chiyani za amayiwa?

3. Sankhani ndakatulo imodzi m'buku limene mukuphunzira m'kalasi. Lembani mutu wake ndi mzere wake wotsiriza motsatizana, ndipo mufotokoze m'ziganizo zitatu ngati zikuyankhana kapena ayi.

4. Lembani ndakatulo ya ndime zitatu pa mutu wakuti "Njinga ya Agogo." Mumzere wotsiriza musatchule mawu akuti "njinga," koma wowerenga akakamizike kubwerera ku mutu.