Luso la chikwangwani cha kolera ku Mwanza

Pa chipata cha Mwanza, munthu wopita ku Zobue sayima kuti awerenge khoma. Amangoponya diso ali ndi katundu pamutu. N'chifukwa chake ndimavulira chipewa anthu olemba zikwangwani za umoyo, makamaka za kolera, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno m'mliri womwe unayamba mu 2022.

Mmisiri weniweni amadziwa kutaya mawu. Pamutu amasiyapo atatu kapena anayi, a zilembo zikuluzikulu zakuda papepala loyera, monga akuti "Kolera imapha msanga". Munsi amalembamo zoti munthu achite lero lomwe: asungunule paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, wodwala azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Mawu akuti lita amavuta, poti kumudzi madzi sayezedwa choncho. Wodziwa ntchito amajambulapo mabotolo awiri a theka la lita. Akangolemba kuti "madzi okwanira", mayi wina athira m'kapu imodzi, madziwo achuluka mchere, mwana n'kudwalirapo.

Asanasindikize, amapatsa mlangizi wa zaumoyo kuti akaonetse amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, n'kuwafunsa zomwe akuona. Akatchula zina, chithunzicho chalakwika, ajambulenso.

Pansi penipeni amaikapo nambala imodzi yokha, monga ya Chipatala Cha Pa Foni, ndipo saiwala kunena kuti ndi yaulere. Kupanda mawu amenewo, wopanda mayunitsi sayesa n'komwe kuimba.