Biti isanakhudze thabwa

Chojambula cha pakompyuta, chimene amisiri amati CAD, chimangoonetsa maonekedwe a chinthu. Tinene kuti ndi mbali ya shelefu, yokhala ndi ngalande yolowetsamo thabwa lina. Makina a CNC sadziwa shelefu. Chimene amadziwa n'kuyendetsa biti, kachitsulo kozungulira kamene kamadula. Njira yonse imene bitiyo idutse amaikonza ndi mmisiri, pa pulogalamu monga Fusion 360 kapena VCarve.

Chodabwitsa n'chakuti sayambira pa kompyuta. Amayamba wapana thabwa ndi choyezera m'malo angapo. Pulayiwudi yogulitsidwa kuti ndi ya mamilimita 18 imatha kupezeka ili 17.4. Akadula ngalande ya 18, thabwa lolowamo lija lizigwedera, ndiye mu pulogalamu amalemba zimene wayeza, osati zimene ananena wogulitsa.

Kenako amasankha biti, tinene ya mamilimita 6 ya mano awiri. Poti ndi yobulungira, pangodya yam'kati imasiya kauta kakang'ono. Mmisiri wosamala amaboolapo kabowo kuti thabwa linalo lilowe mpaka kumapeto. Liwiro salotanso ayi. Biti ikamazungulira ka 18000 pa mphindi, dzino lililonse n'kumadya mamilimita 0.1, ndiye kuti iyende mamilimita 3600 pa mphindi. Ikamayenda mozengereza imangokhula, thabwa n'kuda ndi kupsa.

Koma pamene ndimaonera luso lenileni ndi pa ziro, malo amene miyeso yonse imayambira. Mu pulogalamu, ziro ya kuya ikhoza kukhala pamwamba pa thabwa kapena patebulo la makina. Zonsezi n'zololeka, bola manja amene akutsitsa biti pamakinapo achite chimodzimodzi. Taonani malamulo awa:

```
G21 G90 G54
M3 S18000
G0 Z5
G0 X40 Y20
G1 Z-6 F600
```

Pano ziro ili pamwamba pa thabwa. Z5 ikukweza biti mamilimita 5 kuti ithamange m'malere, pomwe Z-6 ikuilowetsa mamilimita 6. Tsono wina akaika ziro patebulo, Z5 imagwera m'kati mwa thabwa, biti n'kuthamangira mmenemo, ndipo Z-6 imaboola thabwa lonse mpaka kudya tebulo, kuya kwa mamilimita 23.4. Nthawi zambiri biti imathyoka isanafike n'komwe. Kulakwitsa mosemphana ndi apa n'kwachifundo: biti imangodula mphepo.

Pulogalamu imaonetseratu pasikirini mmene kudulako kuyendere, ndipo mmisiri amayang'anitsitsa ngati biti sigunda chopanira, ndiponso ngati timilatho togwirizira chidutswa kuti chisauluke tatsala. Komabe kompyuta siona ziro imene yaikidwa pamakina. N'chifukwa chake amatsitsa biti pang'onopang'ono pa kapepala koyala pathabwa, uku akukagwedeza ndi zala mpaka kagwidwe, n'kulemba ziro pamenepo. Akatero amayendetsa ulendo woyamba biti ili m'mwamba, chala chili pa batani loimitsira.